Nambala za macheke zikadumphadumpha pa sitetimenti ya bizinesi

Anthu ambiri amene angoyamba kusamala mabuku a ndalama a bizinesi amadabwa akalandira sitetimenti ya ku banki n'kupeza kuti nambala za macheke sizikutsatana. Pambuyo pa 000414 pakubwera 000412, kenako 000415, kenako nambala ina yakale imene anaiwala kale. Mabanki ena amaikanso kanyenyezi, chizindikiro cha *, pambali pa nambala zina, ndipo munthu akakaona mtima umayamba kugunda poganiza kuti banki yapeza vuto. Ena amathamangira kunena kuti wina waba. Ena, atazolowera kuti nambalazi sizitsatana mwezi ndi mwezi, amasiyiratu kuziyang'ana. Onsewa akulakwitsa, koma achiwiriwa ndi amene ali pangozi yaikulu.

Nambala ikasowa pa sitetimenti, limenelo ndi funso chabe, ndipo sitetimentiyo payokha singaliyankhe. Yankho limapezeka m'buku la macheke lenilenilo ndi m'kaundula amene bizinesi imalembamo cheke chilichonse chimene yatulutsa.

Nambala ya cheke ndi chiyani, ndipo banki imaiwerenga bwanji

Macheke amabwera atasindikizidwa kale nambala, imodzi pa tsamba lililonse, motsatana kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Buku la masamba 50 likayambira pa 000401 limathera pa 000450. Nambala yomweyo imapezekanso pa kachidutswa kamene kamatsala m'buku mukang'amba cheke, pamene mumalembapo tsiku, dzina la wolandira, kuchuluka kwa ndalama ndi chimene mwalipira.

Pansi pa cheke pali mzere wa nambala zooneka zachilendo, zonenepa mbali ina. Mzerewu umatchedwa MICR. Umasindikizidwa ndi inki yokhala ndi mphamvu ya maginito kuti makina athe kuuwerenga, ndipo mabanki a ku America anayamba nayo njirayi m'zaka za m'ma 1950. Mu mzerewu muli nambala ya cheke, nambala yozindikiritsa banki kapena nthambi yake, ndi nambala ya akaunti. Nambala imene mumaona pa sitetimenti kawirikawiri imachokera pa mzerewu. Ngati cheke chapindikapindika, chanyowa, kapena wina wadinda kapena kusayina modutsa pa mzerewo, makina akhoza kulephera kuwerenga, ndiye munthu wa ku banki amalemba nambalayo pamanja. Apa ndi pamene nambala ingalakwike popanda wina kuba chilichonse: 000424 n'kusanduka 000242, mwachitsanzo.

Chifukwa chake sizitsatana

Sitetimenti simaonetsa macheke amene mwalemba. Imaonetsa macheke amene afika ku banki n'kulipidwa m'masiku amene sitetimentiyo ikunena. Zili ngati ana asukulu: m'kaundula wa aphunzitsi mayina ali mu ndondomeko yake, koma pakhomo la kalasi amalowa monga mmene aliyense wafikira, ndipo wina tsikulo safika n'komwe. Inu mumalemba macheke motsatana, koma wolandira aliyense amapita nacho ku banki tsiku limene iye wafuna. Wogwira ntchito amene akudikira malipiro ake amathamanga nacho tsiku lomwelo. Kampani yaikulu imene mumagulako katundu ikhoza kuchisunga sabata ziwiri mu ofesi yake chisanapite ku banki.

Mabanki ena amandandalika macheke potsata tsiku limene alipidwa, osakanikirana ndi zina zonse zolowa ndi zotuluka. Ena amawaika pa gawo lawolawo potsata nambala, ndipo amenewa ndi amene amakonda kuika kanyenyezi kaja. Kanyenyeziko kamangonena kuti nambala imene imayenera kubwera iyi isanabwere palibe pa mndandandawu. Sikanena chifukwa chake, ndipo banki sinafufuze kanthu. Banki sidziwa macheke amene mwalemba, pokhapokha ngati munaiuza.

Sitetimenti imodzi, mzere ndi mzere

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka cha bizinesi yaing'ono imene ikugwiritsa ntchito buku la 000401 mpaka 000450. Kaundula wake akusonyeza kuti m'mwezi wa Malichi inayambira pa 000412 n'kukathera pa 000423. Sitetimenti ya Malichi yabwera ndi macheke awa, potsata tsiku:

3 Malichi, 000414, 86,000
4 Malichi, 000412, 120,000
7 Malichi, 000415, 43,500
10 Malichi, 000409, 15,200
12 Malichi, 000417, 210,000
14 Malichi, 000418, 64,000
18 Malichi, 000447, 185,000
20 Malichi, 000419, 9,800
25 Malichi, 000421, 72,300
28 Malichi, 000418, 64,000
31 Malichi, 000422, 30,000

Ili chonchi maso sangaone zambiri. Choyamba kuchita ndi kulemba nambalazi kuyambira yaing'ono kupita ku yaikulu: 409, 412, 414, 415, 417, 418, 418, 419, 421, 422, 447. Tsopano zinthu zayamba kuonekera. Palibe 410 ndi 411. Palibe 413, 416 ndi 420. Nambala 418 yabwera kawiri. Pambuyo pa 422 pali dzenje lalikulu mpaka 447. Ndipo pali imodzi imene ndandanda wa ku banki sangakuonetseni kuti ikusowa, chifukwa ili kumapeto kwa zimene zinalembedwa: 423. Imeneyi mumaidziwa poyang'ana m'kaundula wanu basi.

Zina mwa izi zimatha msanga. Mukatsegula sitetimenti ya Febuluwale mupeza 410 ndi 411 zinalipidwa kale mwezi umenewo. Cheke 409 chinalembedwa mu Febuluwale momwemo, wolandira anachedwa nacho, ndipo chinali pa mndandanda wa mwezi wathawo wa macheke oyembekezera, kutanthauza amene analembedwa koma banki sinawalipirebe, ndi ndalama zomwezo, 15,200. Chafika, chichotseni pa mndandandawo. Cheke 423 chinalembedwa pa 30 Malichi, cha 38,000, ndipo palibe chodabwitsa kuti pofika pa 31 chinali chisanalipidwe.

Nambala 413 kaundula akuti inalakwika polemba ndipo inathetsedwa. Apa musakhutire ndi mawu a m'kaundula okha. Funsani tsamba lenilenilo. Cheke cholakwika sichitayidwa mu bini ayi. Chimakhwatchidwa mizere iwiri, kulembedwa mawu osonyeza kuti chathetsedwa, ena amang'ambanso pamalo osayinira, kenako chimamatidwa pa kachidutswa kake m'buku kapena kusungidwa mu fayilo. M'chitsanzo chathu tsambalo lilipo, lamatidwa pamalo pake, ndipo nkhani ya 413 yathera pomwepo. Likanakhala kuti palibe, ndipo wosunga buku akungoti "ndinaching'amba n'kutaya", cheke chimenecho tikanachiwerengera kuti chidakali chamoyo kwinakwake.

Cheke 416, cha 55,000, chinalembedwa pa 6 Malichi kupita kwa wogulitsa katundu, ndipo mwezi watha chisanafike. Masabata atatu si nthawi yoopsa, koma ndi yokwanira kuti muimbe foni n'kufunsa ngati anachilandira. Akati anachilandira ndipo chili mu kabati mwawo, mumangochilemba pa mndandanda wa oyembekezera. Akati sanachione, ndiye kuti chasochera pakati panjira, kapena sichinachoke n'komwe mu ofesi mwanu.

Nambala yobwera kawiri

Cheke chimodzi chimalipidwa kamodzi. Choncho 418 yooneka pa 14 ndi pa 28 Malichi, ndalama zofanana, ikufuna kufufuzidwa tsiku lomwelo. Poyambira ndi mbali ya ndalama zolowa ya sitetimenti. Ngati pakati pa masiku awiriwa pali 64,000 imene inabwezedwa mu akaunti, ndiye kuti cheke chinafika koyamba, banki inachikana, ndipo wolandira anabwera nachonso vuto litakonzedwa. M'chitsanzo chathu ndi zimene zinachitika: pa 15 Malichi 64,000 inabwezedwa chifukwa panali siginecha imodzi pomwe akauntiyo imafuna ziwiri. Ndalama zinatuluka kawiri, zinabwerera kamodzi, ndiye zenizeni zinatuluka kamodzi.

Kubweza koteroko kukapanda kuoneka, pali njira zitatu zimene nambala imabwerezera. Banki ikhoza kulowetsa cheke chimodzi kawiri molakwitsa. Kumene mabanki amalola munthu kusungitsa cheke pochijambula ndi foni, pepalalo limatsala m'manja mwake, ndipo akhoza kukalipereka kachiwiri pa kauntala, mwadala kapena moiwala. Njira yachitatu ndi cheke chabodza chimene wina wasindikiza potengera cheke chanu chenicheni. Chimenechi kawirikawiri chimadziwika chifukwa nambala ndi yomweyo koma ndalama kapena dzina la wolandira zasiyana. Zonse zitatuzi zimathetsedwa ndi chinthu chimodzi: kupempha banki chithunzi cha kutsogolo ndi kumbuyo kwa cheke chilichonse cha ziwirizo. Mabanki ambiri masiku ano amasunga zithunzi zimenezi, ndipo ena amaziika pa sitetimenti kapena pa akaunti ya pa intaneti.

Nambala imene nthawi yake sinakwane

Pa zonse zili pa sitetimentiyi, 447 ndi imene iyenera kukuimitsani. Nambala yakale ikafika mochedwa pamakhala chifukwa chodziwika, poti cheke chinalembedwa ndipo chinali m'manja mwa mwini wake. Koma nambala imene ili patsogolo pa pamene mwafika m'buku ikutanthauza kuti banki yalipira cheke chimene, malinga ndi mabuku anu, palibe amene anachilemba. Bizinesiyi yafika pa 423. Cheke 447 chimayenera kukhala chili m'buku, chopanda cholembedwa chilichonse.

Musanaloze munthu chala, pali zinthu ziwiri zoti muone. Choyamba, kodi n'kutheka kuti nambala inawerengedwa molakwika? Yang'anani ngati m'kaundula muli cheke cha 185,000 chimene sichinafikebe. Chikanakhalapo, tikanaganiza kuti ndi chomwecho chabwera ndi nambala yolakwika. Pano palibe: zoyembekezera ndi 55,000 ndi 38,000. Chachiwiri, kodi pali wina wa udindo amene anang'amba tsamba lakumbuyo mofulumira, mwina bwana akunyamuka ulendo, n'kuiwala kuuza wosunga mabuku? Zimachitika, ngakhale ndi chizolowezi choipa. Mufunseni.

Kenako tengani buku lenilenilo ndi kuwerenga masamba otsala limodzi limodzi, chala chili pa nambala. M'chitsanzo chathu 446 ilipo, 448 ilipo, koma 447 palibe, ndipo kachidutswa kake kachotsedwanso bwinobwino mpaka pa msoko. Wakuba wochenjera satenga tsamba lotsatira, chifukwa mawa lomwe wina adzalifuna n'kuona kuti palibe. Amatenga la pakati kapena la kumapeto, komwe sikudzafikidwa kwa miyezi ingapo, ndipo amachotsa ndi kachidutswa komwe kuti pasakhale chotsalira chooneka. Buku la masamba 50 likachepa ndi tsamba limodzi, palibe amene angadziwe poligwira m'manja. N'chifukwa chake kuwerengako kusathere pa 447. Mukapitirira mupeza kuti 449 nayonso palibe, ndipo imeneyi sinafike ku banki. Idakali m'thumba mwa munthu.

Zochita apa n'zachangu. Uzani banki tsiku lomwelo, pa foni kenako m'kalata, kuti 447 simukuchidziwa ndiponso kuti 449 isalipidwe. Pemphani chithunzi cha 447 muone dzina la wolandira, zilembo zake, masiginecha, ndi kumbuyo kwake kumene kumasonyeza kumene chinakasungitsidwa. Onaninso mabuku ena a macheke amene simunayambe kuwagwiritsa ntchito, chifukwa amene anafika pa buku ili mwina anafikanso pa amenewo.

Kufulumiraku kuli ndi chifukwa cha malamulo. M'mayiko ambiri, lamulo kapena pangano limene munasayina potsegula akaunti limapereka nthawi yoti mwini akaunti aone sitetimenti ndi kunena zolakwika. Ku America, mwachitsanzo, lamulo la zamalonda limati munthu akapanda kunena za siginecha yabodza kapena cheke chosinthidwa pasanathe chaka chilandirireni sitetimenti, sangaimbenso mlandu banki pa cheke chimenecho. Ndipo ngati wakuba yemweyo akubwerezabwereza, mwini akaunti amene sananene za cheke choyamba m'nthawi yosapitirira masiku 30 akhoza kuluza ndalama za macheke otsatirawo. Mapangano a mabanki kawirikawiri amafupikitsanso nthawiyi. Werengani pangano lanu mudziwe masiku amene muli nawo.

Cheke chimene masamu sangachigwire

Tatsala ndi 420, ndipo ndi chimene chikusonyeza bwino chifukwa chake kutsata nambala ndi ntchito payokha, yosiyana ndi kufananiza ndalama.

Mwezi ukatha, wosunga mabuku amafananiza ndalama zotsala pa sitetimenti ndi zotsala m'buku la ndalama la bizinesi. Tinene kuti sitetimenti ikuti pa 31 Malichi mu akaunti munatsala 612,000. Kuchotsapo macheke awiri oyembekezera, 55,000 ndi 38,000, amene pamodzi ndi 93,000, kumatisiyira 519,000. Buku la ndalama, titalowetsamo kale zolipira za ku banki, likuti 704,000. Kusiyana kwake ndi 185,000 ndendende, ndalama za cheke 447. Ndiye ngakhale munthu akanapanda kuyang'ana nambala, masamu akanamukokera ku 447.

Koma 420 masamuwa sakuiona. M'kaundula, pambuyo pa 419 pakubwera 421, ndipo palibe mzere wa 420. M'buku la macheke tsambalo linang'ambidwa, kachidutswa kake kalipo koma n'koyera, kopanda tsiku, dzina, kapena ndalama. Pa sitetimenti palibe. Cheke chimene sichinalembedwe m'buku la ndalama ndipo sichinafike ku banki sichisuntha mbali iliyonse ya masamu. Mwezi wopanda vuto lina, mabuku akhoza kugwirizana mpaka kakobiri komaliza, aliyense n'kusayina kuti zonse zili bwino, pomwe tsamba limodzi la cheke lili kunja ndipo palibe akudziwa kuti lalembedwa ndalama zingati. N'chimodzimodzi ndi 449.

Kachidutswa koyera kawirikawiri kamakhala ndi nkhani yake yosaopsa: wina analemba cheke mofulumira n'kunena kuti kachidutswako adzalemba pambuyo pake, kapena anatenga cheke chosayinidwa kale kupita nacho kokagula katundu poti mtengo sunali kudziwika. Njira yachiwiriyi ine sindiiona ngati yosaopsa kwenikweni, chifukwa cheke chosayinidwa chopanda dzina ndi ndalama chimamvera aliyense amene wachigwira. Funsani amene amasunga buku ndi amene amasayina. Yankho likapanda kupezeka tsiku limenelo, 420 iimitsidwe ku banki limodzi ndi 449. Kuimitsa cheke kumakhala ndi kamtengo kake, ndipo m'mabanki ena lamulo loimitsalo limatha mphamvu pakapita nthawi, kawirikawiri miyezi 6, moti limafunika kulikonzanso. Funsani banki yanu za zimenezi, ndipo lembani tsiku lake penapake pooneka.

Mpata wokhalitsa

Nambala yosowa mwezi umodzi si nkhani. Nambala yomweyo ikasowa mwezi wachiwiri, wachitatu, wachinayi, yayamba kulankhula. N'chifukwa chake mndandanda wa macheke oyembekezera uyenera kukhala ndi tsiku limene cheke chilichonse chinalembedwa, osati nambala ndi ndalama zokha, ndipo uyenera kunyamulidwa kuchokera mwezi wina kupita mwezi wina.

Cheke sichikhala ndi mphamvu mpaka kalekale. M'mayiko ambiri banki ikhoza kukana cheke chimene chapitirira miyezi 6 chilembedwereni, ndipo ku India nthawiyi anaifupikitsa kufika pa miyezi 3 kuyambira mu Epulo 2012. Koma "ikhoza kukana" si chimodzimodzi ndi "idzakana". M'malo ena banki imaloledwa kulipira cheke chakale ngati palibe amene anachiimitsa. Choncho mukaganiza zolembera munthu cheke china m'malo mwa chotayika, imitsani kaye choyambacho, apo ayi mukhoza kulipira kawiri. Ndipo ngongole imene chekecho chimalipira sinathe chifukwa chakuti pepalalo lakalamba. Mwini wake adakali ndi ufulu wolandira ndalama zake.

Pali mtundu wina wa mpata umene oona mabuku ochokera kunja amauyang'anitsitsa, makamaka chaka cha zachuma chikamatha. Macheke angapo otsatana alembedwa tsiku lomaliza la chaka, alowetsedwa m'mabuku ngati olipidwa, koma onse akufika ku banki patapita masabata ambiri, pafupifupi nthawi imodzi. Olandira osiyanasiyana sachedwa mofanana chonchi. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti machekewo anasungidwa mu kabati ya bizinesiyo, kuti mabuku aoneke ngati ngongole zachepa, kapena chifukwa mu akaunti munalibe ndalama zokwanira. Munthu amazindikira izi poika tsiku lolemba ndi tsiku lolipidwa pambali ndi pambali.

Pamene kudumpha kulibe vuto konse

Bizinesi ina imagwiritsa ntchito mabuku awiri nthawi imodzi, lina ku ofesi yaikulu, lina ku nthambi, kapena macheke osindikiza pa kompyuta ndi buku lolemba pamanja la zadzidzidzi. Pamenepo sitetimenti imakhala ndi mizere iwiri ya nambala, monga za m'ma 400 ndi za m'ma 900, ndipo dzenje la pakati pake silitanthauza kanthu. Mzere uliwonse utsatidwe paokha. Chofunika n'chakuti pakhale polembedwa mabuku onse amene banki inapereka, nambala yoyamba ndi yomaliza ya buku lililonse, ndi dzina la amene akulisunga. Nambala imene sili m'buku lililonse mwa amenewa ndi yofunika kuifunsa ku banki mosachedwa.

M'mayiko ena wolandira amatha kusandutsa cheke kukhala malipiro a pa kompyuta, ndiye chimaoneka pa gawo lina la sitetimenti, nambala yake itabisala m'mawu ofotokozera. Musananene kuti nambala yasowa, werengani sitetimenti yonse. Cheke cholembedwa tsiku lam'tsogolo nachonso chimasiya mpata mpaka tsiku lake litakwana.

Macheke akachuluka

Macheke khumi ndi limodzi amatheka ndi pensulo. Akafika mazana, koperani nambala zake mu pulogalamu ya matebulo monga Excel, kuyambira pa A2 kutsika, muzisanje kuyambira yaing'ono, kenako pa B3 mulembe izi n'kuzikokera pansi:

```
=A3-A2-1
```

Yankho la 0 likutanthauza kuti nambala zikutsatana. Yankho la 1 kapena kupitirira likunena kuchuluka kwa nambala zimene zadumphidwa, moti pakati pa 422 ndi 447 patuluka 24. Yankho la -1 likutanthauza kuti nambala yabwera kawiri. Ndi bwino kuika pamodzi nambala za miyezi ingapo, osati mwezi umodzi, kuti zimene zinalipidwa kale monga 410 ndi 411 zisamaoneke ngati zosowa. Kumbukirani kuti njirayi imaona za pakati zokha. Nambala yomaliza imene yalembedwa muyenera kuitenga m'buku la macheke.

Ndani ayenera kuchita ntchitoyi

Munthu amene amasunga buku la macheke ndi kulemba kaundula asakhale yemweyo amene amalandira sitetimenti ndi kutsata nambala. Sikuti tikumukayikira. Koma ngati ali yekha pa zonsezi, palibe amene angaone cholakwa chake, chadala kapena changozi, ndipo tsiku limene ndalama zidzasowe iye yemweyo sadzakhala ndi womuchitira umboni. Mu bizinesi ya anthu awiri kapena atatu kugawa ntchito chonchi n'kovuta, ndiye mwini bizinesi azitenga yekha sitetimenti mwachindunji kuchokera ku banki, asanaigwire wina, n'kuwerenga masamba otsala m'buku kamodzi pa mwezi. Sitetimenti imene yadutsa m'manja mwa wina, kaya ndi pepala kapena fayilo, ikhoza kusinthidwa.

Mabanki ena ali ndi dongosolo loti bizinesi izitumiza mndandanda wa macheke amene yalemba, nambala ndi ndalama zake, nthawi zina ndi dzina la wolandira, ndipo cheke chosagwirizana ndi mndandandawo chimaimitsidwa kaye mpaka bizinesi itavomereza. Pansi pa dongosolo lotere, 447 sichikanalipidwa popanda kufunsa.

Zimene nambala sizingakuuzeni

Nambala zikhoza kutsatana bwinobwino, popanda mpata ngakhale umodzi, ndalama n'kumabedwabe. Cheke 417 cha 210,000 chili pamalo pake mu ndondomeko, koma ngati kachidutswa kake kakuti 21,000, ndiye kuti wina anawonjezera ziro ndi kusintha mawu. Zotere zimagwidwa pofananiza ndalama za pa sitetimenti ndi za pa kachidutswa, cheke ndi cheke. Chovuta kwambiri ndi cheke chimene nambala ndi ndalama zake n'zolondola koma dzina la wolandira lasinthidwa, kapena kachidutswa kalembedwa dzina la wogulitsa katundu pomwe pa cheke palembedwa dzina lina. Sitetimenti zambiri sizionetsa dzina la wolandira, ndiye izi zimaoneka pa chithunzi cha cheke basi, kapena tsiku limene wogulitsayo adzaimbe foni kufunsa ndalama zake. Pa chifukwa chimenechi, mwezi uliwonse sankhani macheke angapo, makamaka a ndalama zambiri ndi olembedwa kwa anthu atsopano, muone zithunzi zake pamodzi ndi mainivoisi amene ankalipira.